Kwacha imodzi pa metikali: mmene mlamu wanga anadyera mbewu pa Marka

Mlamu wanga anayamba kusintha ndalama pa Marka mu Juni 2023, patatha miyezi itatu namondwe wa Freddy atakokolola munda wake ndi kukwirira dimba lake ndi mchenga. Dzina lake sinditchula, pakuti akadali ndi nkhope yoti aonetse kumudzi, ndiponso anachita kundilola kuti ndifotokoze nkhaniyi pokhapokha nditalisunga. Chimene anandipatsa ndi kope lake, lija la ana asukulu la masamba 80, momwe ankalembamo tsiku ndi tsiku. Manambala amene muwerenge pano ndawatenga m'menemo, ndangowasalaza pang'ono kuti masamu asatizunguze mutu.

Amene sanafikeko ku Marka adziwe kuti ndi kumapeto kwenikweni kwa Malawi, kummwera kwa boma la Nsanje. Mukangodutsa chipata mwalowa Vila Nova da Fronteira, m'boma la Mutarara ku Mozambique. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Amalankhula Chisena chimodzi, amakwatirana, amayenderana pa maliro, koma m'matumba mwao muli ndalama ziwiri zosiyana. Mayi wa kutsidya akabwera kuno kudzagula shuga, sopo ndi zitenje, kapena kudzaonetsa mwana kuchipatala, amafika ndi mametikali ndipo afuna makwacha. Venda wa kuno akapita kutsidya kukasaka chimanga, chitowe kapena nandolo amanyamula makwacha, koma mlimi wa m'kati mwa Mozambique afuna mametikali. Wosintha ndalama amaima pakati pa anthu awiriwa. Amagula metikali kwa mayi uja pa mtengo wotsika, n'kuigulitsa kwa venda uja pa mtengo wokwererako. Kadanga kamene kali pakati pa mitengo iwiriyo ndiye chakudya chake chonse. Palibenso china.

Mpamba wa mlamu wanga unali K1,200,000. Mwa imeneyi K800,000 inachokera ku ng'ombe ziwiri zimene zinapulumuka madzi, zomwe anagulitsa mlongo wanga akukana. Ina K400,000 inali ngongole ya ku banki m'khonde, imene mlongo wangayo anatenga m'dzina lake pa chiwongola dzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi.

Tsamba loyamba la kope lija likusonyeza kuti ankagula metikali imodzi pa K24 n'kugulitsa pa K25. Ndiye kuti mpamba wake wonse unkagula mametikali 50,000, ndipo akawagulitsa onse ankapeza K1,250,000. Phindu lake, K50,000. Iye ankati mpamba "wazungulira" ukachoka m'makwacha, n'kulowa m'mametikali, n'kubwereranso m'makwacha. Mawu amenewa muwagwire, chifukwa ntchito yonseyi yagona pamenepo. Wosintha ndalama salemera ndi kukula kwa mtolo umene uli m'chikwama, amadya ndi changu chimene mtolowo ukuzungulirira. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, mavenda ali piringupiringu kuthamangira zokolola za kutsidya, mpamba wake unkazungulira kamodzi pa sabata. Pamwezi zinkakwana K200,000.

Kwa munthu amene anali atangotaya munda, K200,000 pamwezi popanda kugwira khasu inali ngati mvula ya chizimalupsa. Ndinamupeza tsiku lina atakhala pansi pa mtengo wa nimu, kachikwama kali m'chiuno, akukupiza mtolo wa ma K5,000 pankhope chifukwa cha kutentha. Anati, "Alamu, zaka zonsezi ndinkazunzikiranji ndi thonje? Ndalama imabereka yokha ukaidziwa pogona pake."

Sindinamutsutse, ndipo ndimadziimba mlandu pa chimenecho, chifukwa ngakhale pa nthawi yabwinoyo masamu ake anali kale opyapyala. Kabaza yopita ndi kubwera, nsima ya masana, madzi akumwa ndi mayunitsi a foni zinkatha K15,000 pa sabata, kutanthauza K60,000 pamwezi. Chiwongola dzanja chinali K80,000. Pa K200,000 ija zinkatsala K60,000 zokha zimene akanati n'zake. Munthu ankanyamula ndalama yopitirira miliyoni pathupi tsiku lililonse, padzuwa la ku Nsanje, pamaso pa aliyense wofuna kumutsatira kumdima, kuti mwezi ukatha atsale ndi K60,000. Komabe zikanangokhala choncho, akanapirira. Chimene chinamudya chinabwera mwakachetechete, chitavala nkhope ya phindu.

Reti ya pa boda siyopangidwa pa boda. Osintha ndalama amadzuka n'kuimbira anzao a ku Blantyre ndi ku Limbe kufunsa kuti dola ikuyenda bwanji pamsika wamseri. Kutsidya, metikali yakhala ili chiimire pa dola kuyambira 2021, pafupifupi mametikali 64 pa dola imodzi. Tsono ukatenga mtengo wa dola m'makwacha n'kuugawa ndi 64, wapeza pamene metikali iyenera kukhala. Dola ikakwera ku Limbe, metikali imakwera pa Marka, ngakhale pa Markapo pasanadutse dola ndi imodzi yomwe. M'chaka cha 2023 ndalama zakunja zinasowa m'mabanki, mizere ya galimoto inali mbwee m'malo omwetsera mafuta, ndipo amalonda amene banki yawabweza chimanjamanja ankagula pamsika wamseri pa mtengo uliwonse. Kope la mlamu wanga likuonetsa mmene zimenezo zinafikira ku Marka. Mu Ogasiti ankagula pa K24. Mu Seputembala K25, kenaka K26. Pofika kumapeto kwa Okutobala ankagula pa K27 n'kugulitsa pa K28.

Nthawi iliyonse reti ikakwera, iye ankasangalala, chifukwa mametikali amene anagula motchipa dzana ankawagulitsa modula lero. Lamulo lake linali limodzi: Loweruka madzulo awerenge makwacha, apatule K1,200,000 ya mpamba, zotsala zonse n'zophika. Pa miyezi itatu imeneyo anapititsa kunyumba ndalama zoposa zija anazolowera, nagula malata ndi njinga. Anansi anayamba kumutcha bwana.

Tiyeni tiike nkhaniyi pa mzungulo umodzi kuti msamphawo uoneke bwino. Munthu wagula mametikali 50,000 pa K24, walipira K1,200,000. Asanawagulitse, reti yakwera kufika pa K27 pogula ndi K28 pogulitsa. Wagulitsa onse pa K28, walandira K1,400,000. Akachotsera zimene analipira, aona phindu la K200,000, ndipo palibe mphunzitsi wa masamu amene angamuchongere molakwa. Koma mawa lake ayenera kugulanso katundu, ndipo palibe amene amugulitse metikali pa K24. Kuti abwezeretse mametikali 50,000 aja pa K27 ayenera kutulutsa K1,350,000. Phindu lenileni ndi K50,000 yokha, yomweyo ya kale. K150,000 inayo si phindu. Ndi mpamba womwewo umene wangosintha nambala chifukwa kwacha yafooka. Akaidya, K1,200,000 imene wasunga imugulira mametikali 44,444 basi.

Mlimi aliyense wa m'chigwa chino amadziwa kuti mbewu imayezedwa ndi ndowa, siyezedwa ndi mtengo wake wa pamsika. Ukasunga ndowa zisanu za mbewu ya mapira, mtengo wa mapira n'kukwera, sunena kuti ndagulitsa ndowa imodzi chifukwa zinayi zotsalazi zikukwana ndalama yomwe zisanu zinkakwana. Munda sudziwa mtengo, umafuna ndowa zisanu. Mlamu wanga, mlimi wodziwa bwino zimenezi pa mapira, anaziiwala pa ndalama. Mbewu yake inali mametikali, koma ankaiyeza ndi makwacha. Mtolo wa makwacha unkaoneka womwewo Loweruka lililonse, pamene ndowa ikuphwa pansi. Ndipo taonani chinanso: kadanga kake kanakhalabe kwacha imodzi. Kwacha imodzi pa K24 ndi yonenepa kuposa kwacha imodzi pa K27. Mzungulo umene unkabala K50,000 tsopano unkabala K44,000 ndi kena kake, m'makwacha ogula zochepa kuposa a mu Juni.

Chizindikiro chinalipo, chapoyera. Mu kope lake, m'mbali mwa tsiku lililonse, ankalemba chiwerengero cha mametikali amene wagula. Nambala imeneyo inkatsika mwezi ndi mwezi. Sanaiyang'ane, chifukwa maso ake anali pa mzere wa makwacha.

Kenaka linafika Lachitatu pa 8 Novembala 2023.

Masana a tsikulo kunabwera munthu wina wa galimoto yaing'ono, wolankhula Chichewa cha kumtunda, amene anati akupita ku Mutarara kukagula nandolo. Anafunsa kuti, "Achimwene, muli nawo angati?" Mlamu wanga anali ndi mametikali 44,000. Munthuyo sananenerere. Anati awatenga onse, ndipo mlamu wanga atayesa kukweza n'kunena K29 m'malo mwa K28, anangovomera, natulutsa K1,276,000, nawerenga, napita. Mlamu wanga analemba m'kope phindu la K88,000 pa tsiku limodzi, nalizunguliza ndi cholembera kawiri. Anafika kunyumba ndi nsomba za mphuta ndi botolo la mafuta ophikira.

Tsiku lomwelo Banki Yaikulu ya Reserve inalengeza kuti kuyambira Lachinayi pa 9 Novembala dola idzigulitsidwa pa K1,700 m'malo mwa K1,180. Ndiko kugwa kuja kumene tonse timakutcha kwa 44 peresenti. Kunena molondola, chimene chinakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola. Kwacha imene inali m'thumba mwanu inataya pafupifupi magawo atatu mwa magawo khumi a mphamvu yake yogulira ndalama zakunja kubanki. Pamsika wa pa boda reti siinalumphe mofanana ndi ya kubanki, popeza inali itathamangira kale kutsogolo, komabe inalumpha. Masiku awiri oyamba panalibe amene ankafuna kugulitsa metikali. Aliyense anaumirira yake, kudikira kuti fumbi likhazikike. Litakhazikika, kope likuti reti inali K33 pogula ndi K34 pogulitsa.

Mlamu wanga anagona usiku wa Lachitatu lija ndi makwacha okhaokha. K1,276,000 yake, yomwe Lachitatu inali mtengo wa mametikali 44,000, tsopano inagula mametikali 38,600. Mametikali opitirira 5,000 anasungunuka iye ali mtulo, osabedwa ndi munthu, chikwama chili chotseka pansi pa pilo. Pa reti yatsopano zimenezo zinali zoposa K170,000, kutanthauza phindu la mizungulo inayi ndi theka, ntchito ya mwezi wathunthu ndi masiku ena.

Sindikunena kuti munthu wa galimoto uja anali ndi khutu ku Lilongwe. Sanafunikire kukhala nalo. Mphekesera zakuti kwacha igwa zinali paliponse, pakuti boma linali pa zokambirana ndi bungwe la IMF, ndipo patangotha pafupifupi sabata bungwelo linavomereza ngongole ya Malawi. Amene anali ndi makutu anakumbukira Meyi 2012, pamene dola inachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi, ndi Meyi 2022, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Chimene mlamu wanga anayenera kumva ndi khalidwe la kasitomalayo. Venda wa nandolo amalimbana nawe pa tambala iliyonse, chifukwa phindu lake nalonso n'lopyapyala. Akabwera munthu wosanenerera, wofuna zonse zimene uli nazo, wovomera mtengo woposa wa pamsika, ndiye kuti mwa inu awiri mmodzi akudziwa chimene mnzake sakudziwa, ndipo wodziwayo si iwe. Osintha ndalama akale a pa boda anachita zosiyana sabata imeneyo. Anatalikitsa kadanga kao, ena anagulitsa theka lokha, ena anangotseka zikwama n'kunena kuti atha. Munthu wozolowera ntchitoyi sagona ndi ndalama ya mtundu umodzi yokha pamene mphepo ikununkha mvula.

Pano wowerenga wina anganene kuti yankho n'losavuta: sunga mametikali nthawi zonse. Ayi, nalonso ndi dzenje. Mu 2016, zitaululika ngongole zobisika za boma la Mozambique, metikali ndiyo inagwa, kuchoka pa mametikali osafika 50 pa dola kumayambiriro kwa chaka kufika kupitirira 70 chisanathe. Chaka chimenecho amene analira anali wosunga mametikali. Wosintha ndalama amene waunjika chuma chake chonse mbali imodzi wasiya kuchita malonda, wayamba kubetcha, ndipo akubetcha ndi anthu amene amamva nkhani iye asanamve.

Lachisanu pa 10 Novembala petulo anakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Akabaza a njinga zamoto anakweza mitengo tsiku lomwelo. Zolowa pa ntchito ya mlamu wanga zinachoka pa K60,000 kufika pa K90,000 pamwezi, pamene zotuluka zinali zitachepa.

Mtima wofuna kubweza msanga ndiwo unamutsegulira khomo lachitatu la tsoka. Iye amene kale ankalongedza dzuwa likapendeka anayamba kukhala mpaka chisisira. Tsiku lina kumapeto kwa Novembala, kutayamba kuderako, anafika anyamata awiri pa njinga yamoto yosazimitsa injini. Anali ndi mametikali 20,000 m'mapepala a 1,000, ndipo ankafuna kugulitsa pa K32, kutsitsa kwacha imodzi pa reti, ati chifukwa akuthamangira maliro ku Bangula. Mlamu wanga anawerenga mapepala 20, anakwana. Anayang'anitsitsa apamwamba awiri ndi wapansi mmodzi, anali abwino. Analipira. M'mawa mwake, pogulitsa kwa venda wina wozolowera, venda uja anasolola mapepala atatu m'katikati mwa mtolo n'kumubwezera osalankhula.

Ndinawaona mapepala atatuwo. Masana sakananyenga ngakhale mwana. Pepala lenileni la mametikali 1,000 limalira mwa mtundu wake ukalikupiza, ndipo ukayendetsa chala pa nkhope ya Samora Machel ndi pa zilembo zikuluzikulu umamva kukhakhala, chifukwa inki yake ndi yotukuka. Ukalikweza kudzuwa umaona chithunzi chobisika m'thupi la pepala lenilenilo, ndi kaulusi kodutsa m'kati kuchoka pamwamba kufika pansi. Atatu aja anali osalala ngati tsamba la kope, chithunzi chobisika chinali chongodindidwa pamwamba ndi inki yotuwa, ndipo awiri mwa iwo anali ndi nambala yofanana. Zonsezi zimafuna zinthu ziwiri, kuwala ndi nthawi, ndipo n'chifukwa chake wobweretsa ndalama yafeki amabwera kumdima ali pa changu. Amaonjeza chachitatu, mtengo wokoma, kuti iwe mwini ufune kutsiriza msanga asanasinthe maganizo.

Taonani kulemera kwa pepala limodzi lotere. Kuligula pa K32 ndi kutaya K32,000. Popeza phindu ndi kwacha imodzi pa metikali, pafunika kugula ndi kugulitsa mametikali ena 32,000 kuti dzenjelo likwiririke, pafupifupi mpamba wake wonse kuzungulira kamodzi. Mapepala atatu, mizungulo pafupifupi itatu. Umu ndi mmene ntchitoyi ilili: phindu limabwera ndi supuni, kutaya kumabwera ndi ndowa. Wogulitsa tomato akaolerwa tomato mmodzi pa khumi amapezabe kanthu, chifukwa amaika phindu lalikulu pa aliyense. Wosintha ndalama akanyengedwa pepala limodzi pa 30 wagwira ntchito yaulere.

Ndinamufunsa ngati anakanena kupolisi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Alamu, ndikanene kuti chiyani? Kuti ndimagula ndalama zakunja pansi pa mtengo?" Ankanena zoona. Malamulo a dziko lino amalola mabanki ndi malo osinthira ndalama okhala ndi chiphaso cha Banki Yaikulu ya Reserve okha kuchita malonda a ndalama zakunja. Wina aliyense akagwidwa akhoza kuimbidwa mlandu, ndipo ndalama zimene wapezeka nazo zikhoza kulandidwa. Pa boda anthu amazolowera kuona ntchitoyi ikuchitika masana dzuwa likuswa mtengo, mpaka amaiwala kuti ndi yoletsedwa. Ndimamvetsa chifukwa chake ilipo: mayi wa ku Vila Nova amene ali ndi mametikali 500 sangapite kukafola pa banki, ndipo venda wa chimanga sangapeze mametikali kumeneko pa tsiku limene akuwafuna. Koma kuletsedwako kuli ndi mtengo wake umene sulembedwa m'kope. Wakuba amadziwa kuti sukadandaula. Wa ndalama yafeki amadziwa kuti sukadandaula. Ndipo kusunga mapepala afekiwo kapena kuyesa kuwapatsira wina ndi mlandu winanso waukulu. Mlamu wanga anawatentha pa mbaula, mlongo wanga akuonerera.

Anatsala ndi mametikali pafupifupi 35,600.

Disembala ndi mwezi umene magulu ambiri a banki m'khonde amagawana, ndipo aliyense wa ngongole amayenera kubweza yonse gulu lisanaswe bokosi. Amayi a gulu anabwera kunyumba kawiri. Ulendo wachiwiri anakhala pakhonde mpaka madzulo, osakweza mawu, akungomutchula mlongo wanga dzina la mwana wake woyamba ndi kumukumbutsa kuti anzake akudikira ndalama za mbewu ndi za Khirisimasi. Mlamu wanga anagulitsa mametikali opitirira 14,000 kuti apeze K480,000, ngongole pamodzi ndi chiwongola dzanja cha mwezi womaliza. Kugwa kwa kwacha kunapeputsako ngongoleyo, pakuti anaibweza ndi makwacha ofooka, koma chiwongola dzanja chinali chitameza kale mwayi umenewo. Pa miyezi isanu ndi umodzi analipira K480,000 ya chiwongola dzanja chokha pa ngongole ya K400,000. Ndalama yobwereka pa K20 pa K100 pamwezi, kuti ingodzilipirira yokha pa ntchito yobala K4 pa K100, iyenera kuzungulira kasanu pamwezi. Yake, ngakhale pa nyengo yabwino, inkazungulira kanayi. Kuyambira tsiku loyamba ngongoleyo inkadya phindu la ng'ombe zake.

Mvula itayamba, anali ndi mametikali 21,500. Nyengo ya dzinja m'chigwa cha Shire msika wa pa boda umazizira. Zokolola za kutsidya zimachepa, misewu ya fumbi imasanduka matope, mitsinje yochokera kumapiri imadula njira, ndipo ndalama zimayamba kuyenda mbali imodzi. Ofuna mametikali okagulira chimanga analipo, popeza njala inali italowa m'midzi, koma obwera kudzagulitsa mametikali anachepa. Wosintha ndalama amafuna mitsinje iwiri yothirana. Umodzi ukauma, amagulitsa zimene ali nazo n'kukhala masiku atagwira makwacha, kapena amakagula kwa mnzake wa mpamba waukulu pa mtengo umene sumusiyira kanthu. Mpamba wa mlamu wanga unayamba kuzungulira kawiri pamwezi. Phindu, K43,000. Zolowa, K90,000. Kunyumba nako kunkafunika ufa. Tsamba lililonse la Januwale likuonetsa nambala ya mametikali yotsika kuposa ya dzulo lake, ndipo tsopano ankaiona.

Anasiya kumapeto kwa Febuluwale 2024. Anandiitana kuti tiwerengere limodzi, titakhala pa mphasa, kope lili pakati pathu. Anali ndi mametikali 17,000, amene anawagulitsa pa K34 n'kupeza K578,000. K800,000 ya ng'ombe zake, pa reti ya tsiku limene anayamba, inali mametikali 33,333. Anatsala ndi theka. Pambali pake panali malata, njinga, ndi chakudya chimene banja linadya miyezi isanu ndi inayi, ndipo sindikuzichepetsa zimenezo. Koma ankaganiza kuti akudya zipatso, pamene gawo lalikulu linali thunthu la mtengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mlamu wanga si munthu waulesi kapena wa mowa. Sanaphonye tsiku, ndipo sanabere munthu ngakhale tambala. Ankalemba zonse, chinthu chimene ambiri pa ntchitoyi sachita. Anangolemba phindu mu ndalama imene inkaphwa. Akanawonjezera funso limodzi pa Loweruka lililonse, lakuti makwacha ali m'manjawa angandigulirenso mametikali angati pa reti ya lero, akanaona ngozi mu Seputembala, malata asanagulidwe. Zoposa mametikali 50,000 ndiye zikanakhala zophika. Zikapanda kufika, ndiye kuti sabata imeneyo sanapindule, ngakhale mtolo wa makwacha utatupa bwanji.

Masiku ano ndikadutsa pa Marka, pa Bangula kapena pa Nchalo ndimaona anyamata atsopano ndi tizikwama ta m'chiuno, ena atagulitsa mbuzi za makolo, ena atatenga katapila. Amaona mitolo m'manja mwa akuluakulu a ntchitoyi n'kuganiza kuti mtolo ndiye phindu. Sadziwa kuti wamkuluyo ali ndi mpamba wake wosabwereka, ali ndi munthu ku Limbe womuimbira m'mamawa, ali ndi makasitomala a zaka zambiri mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale iyeyo tsiku lina akhoza kutaya zonse pa rodibuloko imodzi.

Mlamu wanga anapita ku msika wa ng'ombe ndi K578,000 yake mu Malichi. Mitengo inali itakwera pamodzi ndi china chilichonse. Anabwerako akukusa kang'ombe kamodzi kakakazi, kosabereka, ndi ndalama yotsala yokwana thumba la chimanga. Mlongo wanga anakalandira pa khola nati, "Takhuta, kabwera kamodzi."

Inu amene mwagwira chingwe cha ng'ombe lero, mukulingalira za kachikwama ka pa boda, musanapite kumsika khalani pansi ndi pepala. Lembani reti yogulira ndi yogulitsira, muwerenge kuti mpamba wanu uzungulira kangati mu Julayi ndiponso kangati mu Januwale, muchotse kabaza, nsima ndi chiwongola dzanja, muchotsenso pepala limodzi lafeki ndi usiku umodzi wonga wa pa 8 Novembala. Mukatero muonetse pepalalo kwa mayi a kunyumba, ng'ombe ikadali m'khola.